Zolemba Zoyenda ndi Kanema wa Banja: Tiikepo Chiyani, Tichotsepo Chiyani?



Masiku ano palibe mwambo wa pabanja umene umatha osajambulidwa. Mkwati asanatuluke m'nyumba mafoni amakhala ali kale m'mwamba, ndipo pofika madzulo kanema uja amakhala atafika ku Joni, ku Lusaka ndi ku Mangalande. Ambirife timasamala za zimene zikuoneka mu kanemayo: ngati amayi avala bwino, ngati malume sanaoneke ataledzera. Ine ndabwera kudzakamba za zimene sizioneka pamene kanema akusewera, koma zimayenda naye kulikonse kumene wapita. Akatswiri amazitchula kuti metadeta.

Mukamatumiza thumba la ufa pa basi, mumalemba pathumbapo dzina la wolandira, nambala yake ya foni ndi malo amene atsikire. Zolembazo si ufa ayi, koma popanda izo thumba lisokera. Komanso aliyense amene wanyamula thumbalo panjira amaziwerenga. Metadeta ndi zolemba zotero pa fayilo ya kanema: wajambulidwa liti, kuti, ndi chipangizo chanji, mutu wake ndi wotani, muli ndani.

Mfundo yanga ndi imodzi. Kanema wa banja akufunika zolemba zokwanira kuti adzukulu athu adzadziwe za makolo awo, koma zolemba zokwanirazo zisakhale m'kati mwa fayilo imene ikuyenda. Tizizisunga padera. Ndipo tizipanga chisankhochi pa tsiku loyamba, kanema asanatuluke m'manja mwathu, chifukwa akatuluka sitingamuitanenso.

Zimene foni imalemba yokha

Zolemba zina timalemba ndife, zina imalemba foni osatifunsa. Tiyambe ndi za foni. Tiyerekeze kuti mlongo wa mkwati wajambula chinkhoswe ndi iPhone pabwalo la nyumba ya makolo ake mu Lilongwe. Mukatsegula fayiloyo ndi pulogalamu yaulere yotchedwa ffprobe, mupeza mizere yonga iyi, imene ndaipeka kuti ikhale chitsanzo:

```
creation_time : 2023-08-12T07:42:10.000000Z
com.apple.quicktime.location.ISO6709 : -13.9626+033.7741+1050.000/
com.apple.quicktime.model : iPhone 11
```

Mzere woyamba ukunena tsiku ndi nthawi: pa 12 Ogasiti 2023. Chilembo cha Z kumapetoko chikutanthauza nthawi ya dziko lonse, imene ili m'mbuyo ndi maola awiri poyerekeza ndi yathu, choncho kunali 9:42 m'mawa. Mzere wachitatu ukunena mtundu wa foni. Wachiwiri ndi umene ndikufuna muuyang'anitsitse. Nambala yoyamba ikunena kutalika kwa malowo kuchokera pakati pa dziko kupita kummwera, yachiwiri kupita kummawa, yachitatu kukwera kwake kuchokera pa nyanja yamchere, m'mamita.

Kodi manambalawa amalozera pafupi bwanji? Digiri imodzi ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 111. Nambala imodzi pambuyo pa kadontho imalozera dera la makilomita 11, ndiye kuti mzinda. Manambala awiri amalozera dera la kilomita imodzi, ndiye kuti mudzi kapena lokeshoni. Manambala anayi, monga mukuonera apa, amalozera malo a mamita 11. Amenewo si malo ena koma bwalo la nyumba yeniyeniyo. Munthu akakopera manambalawo n'kuwaika pa Google Maps, aona denga lanu ndi msewu wofikira pageti. Mafoni a Android nawonso amalemba malo chimodzimodzi ngati mwini wake analola kamera kugwiritsa ntchito GPS.

Izi zinamuchitikirapo munthu wodziwa bwino za makompyuta. Mu Disembala 2012, John McAfee, amene anayambitsa kampani yotchuka yoteteza makompyuta, ankabisala apolisi a dziko la Belize. Atolankhani a magazini ya Vice amene anali naye anaika chithunzi chake pa intaneti osachotsa manambala a malo. Anthu anatsegula chithunzicho n'kupeza kuti ali ku Guatemala, ndipo patangopita masiku ochepa anamangidwa kumeneko. Chimenecho chinali chithunzi, koma kanema amanyamula manambala omwewo.

Zimene timalemba ndi manja athu

Komabe ndikuuzeni kuti zimene zimavulaza mabanja kawirikawiri si za foni ayi, koma zathu. Wojambula akamaliza ntchito amatcha fayilo dzina loti asaisokoneze ndi za makasitomala ena, monga `Chinkhoswe_cha_Uje_ndi_Uje_Area25_kunyumba_kwa_aUje.mp4`. Dzina lotere lanena kale anthu awiri, mwini nyumba ndi dera. Mukaika fayiloyo pa YouTube, bokosi la mutu limadzaza lokha ndi dzina la fayilo, ndipo wothamanga amangodina kupitiriza. Kenako pamabwera mawu ofotokozera pansi pa kanema, mayina a anthu amene tawalumikiza ku masamba awo a Facebook, ndi mndandanda wa zigawo: mphindi yakuti kulowa kwa akuchimuna, mphindi yakuti malangizo a azakhali a Uje.

Kusiyana kwa mitundu iwiriyi n'kofunika. Manambala a foni amaonedwa ndi munthu amene wapeza fayilo yeniyeniyo ndipo akudziwa potsegula. Koma mutu ndi mawu ofotokozera ndi zimene makina ofufuzira pa intaneti amawerenga. Nkhope ya mwana wanu mu kanema wopanda dzina ndi yovuta kuipeza. Mukalemba dzina lake lonse pamutu, aliyense amene adzalembe dzinalo pa Google, kaya ndi bwana amene akufuna kumulemba ntchito zaka khumi zikubwerazi, kaya ndi mwamuna amene anamuthawa chifukwa cha nkhanza, adzafika pa kanemayo.

Mmene kanema wa m'banja amasandukira wa anthu onse

Wina anena kuti wathu sitiika poyera, ndi wa abale okha. Koma kanema satuluka chifukwa cha adani. Amatulutsa ndi anthu otikonda. Mchimwene wa ku Joni amene anatumiza ndalama ya mbuzi ndi nkhuku akufuna aone mmene zinayendera. Iye atumizira anzake a kumpingo. Wojambula adula kachigawo kokongola n'kuika patsamba lake kuti apeze makasitomala. Fulashi ibwerekedwa kwa aneba. Foni ipita kokonzetsa memole khadi ili momwemo.

Njira iliyonse imachita zake ndi metadeta. Mukatumiza pa WhatsApp ngati kanema wamba, pulogalamuyo imamufinya kuti achepe, ndipo zolemba zambiri za foni zimatsala. Koma mukasankha Document kuti chithunzi chisawonongeke, monga amachitira ojambula ambiri, fayilo imapita yathunthu, dzina lake ndi manambala a malo zili momwemo. N'chimodzimodzi ndi linki ya Google Drive, Bluetooth, fulashi ndi memole khadi. Ndiye kuti njira zimene timasankha pofuna kulemekeza abale ndi kanema wooneka bwino ndi zomwezo zimene zimanyamula zonse. YouTube ndi Facebook amapanga fayilo yatsopano yoti anthu aonere, choncho woonera sapeza manambala a foni yanu, koma kampaniyo imakhala italandira fayilo yonse, ndipo mutu ndi mawu anu ofotokozera zimakhala poyera.

Ndichenjezenso za mawu akuti Unlisted pa YouTube. Ambiri amaganiza kuti ndi chinsinsi. Tanthauzo lake n'lakuti kanema saoneka pofufuza, koma aliyense amene ali ndi linki angathe kuonera ndi kupatsira ena, ndipo wina akamuika pa mndandanda wake wa makanema wa poyera, anthu achilendo amamupeza. Chinsinsi chenicheni ndi Private, pamene mumasankha anthu mmodzimmodzi.

Kodi tingofufuta zonse?

Ayi, ndipo apa ndikufuna mundimvetse. M'nyumba zambiri muli zithunzi zakale za agogo ataimirira ndi anthu amene lero palibe akuwadziwa. Amene akanatiuza anatisiya, ndipo kumbuyo kwa chithunzi sikunalembedwe kanthu. Kanema wotchedwa `VID_0047.mp4` adzakhala chimodzimodzi pakatha zaka makumi atatu. Pa chinkhoswe pamakumana mbumba ziwiri, pamalankhula akuluakulu amene mwina ndi komaliza kuwajambula. Kutaya mayina awo ndi kutaya mbiri ya banja.

Choncho zosowa zilipo ziwiri zotsutsana, ndipo fayilo imodzi singakwaniritse zonse. Njira yake ndi kukhala ndi zinthu zitatu. Choyamba ndi fayilo yosunga: yathunthu monga inatulukira mu kamera, yosachotsedwa kanthu, yosungidwa malo awiri osiyana, yosatumizidwa kwa wina aliyense. Chachiwiri ndi kaundula: kope la pamanja kapena fayilo ya mawu, mmene mwalembedwa mayina onse, ubale wawo, malo enieni ndi mphindi imene aliyense akuonekera. Chachitatu ndi fayilo yoyenda: yochotsedwa zonse za foni, yokhala ndi mawu ochepa amene banja lagwirizana. Zitatuzi zimalumikizana ndi nambala imodzi, monga `2023-003`, kutanthauza kanema wachitatu wa chaka chimenecho. Wa m'banja akaona nambalayo apita ku kaundula n'kupeza zonse. Mlendo akaiona sapeza kanthu.

Chinkhoswe chimodzi, mzere ndi mzere

Tibwerere ku chinkhoswe chathu choyerekeza chija kuti tione mmene tingasankhire. Pa chinthu chilichonse tifunse mafunso atatu. Kodi woonera akuchifuna kuti amvetse kanemayu? Kodi chikafika kwa munthu woipa mtima chingavulaze ndani? Ndipo kodi nkhaniyi mwini wake ndani?

Tiyambe ndi malo. Manambala a GPS achoke onse, popanda kukambirana. Mu kanemamo mukuoneka mphatso, mbale zatsopano, firiji, ndi mbale ya ndalama za pelekanipelekani. Kuika manambala a nyumba pambali pa zimenezi ndi kulozera wakuba njira. M'mawu olemba, dzina la mzinda kapena boma ndi lokwanira: Lilongwe, Dedza, Chipata. Mwambo ukachitikira muholo kapena kutchalitchi, kutchula malowo sikoopsa kwambiri chifukwa sagonako munthu. Koma samalani ndi kumudzi. Mumzinda dzina la dera limabisa nyumba pakati pa nyumba mazanamazana, pamene kumudzi kutchula mfumu ndi mfunda wa banja ndi kufikitsa munthu pakhomo.

Tsiku: chaka chikhale, mwinanso mwezi. Tsiku lenileni lipite mu kaundula. Izi zimakula kwambiri pa maphwando okumbukira kubadwa. Mutu woti mwana wakuti wakwanitsa zaka zisanu, pamodzi ndi tsiku limene foni yalemba, wapereka tsiku lake lobadwa lathunthu, limene mabanki ndi maofesi amafunsa pofuna kutsimikiza kuti munthu ndi yemweyo. Katswiri wa ku America, Latanya Sweeney, anasonyeza m'chaka cha 2000 kuti anthu 87 mwa 100 alionse a m'dzikolo angathe kudziwika ndi zinthu zitatu zokha: tsiku lobadwa, kaya ndi mwamuna kapena mkazi, ndi nambala ya positi ya dera lawo. Phunziro lake n'lakuti tinthu timene patokha tikuoneka topanda vuto, tikaphatikizana timaloza munthu mmodzi. Musamayese mzere uliwonse pawokha. Muziwerenga yonse pamodzi, n'kudzifunsa ngati mlendo angafike nayo pakhomo.

Mayina a akuluakulu: eni mwambo, mkwati ndi mkwatibwi, asankhe okha. Akafuna mayina awo oyamba, alembeni. Kwa ena onse, udindo wawo ndi wokwanira: nkhoswe ya kuchikazi, azakhali a mkwati, abusa. Munthu amene wabwera kudzasangalala nanu sanavomere kuti dzina lake likhale pa intaneti. Pakati pa alendo pangakhale mayi amene anachoka pabanja la nkhanza ndipo sakufuna kuti adziwike kumene ali, kapena wina amene ali ndi mlandu wa malo kukhoti. Inu simungadziwe za aliyense, n'chifukwa chake lamulo losavuta ndi lakuti dzina lisalembedwe mwini wake asanafunsidwe. Kulumikiza munthu ku tsamba lake la Facebook kumaposa kulemba dzina, chifukwa kumatengera woonera ku zithunzi zake zonse, ntchito yake ndi abale ake.

Ana: dzina la mwana, sukulu yake ndi zaka zake zisalembedwe pa fayilo yoyenda. Mwana sangathe kuvomera, ndipo munthu amene akudziwa dzina la mwana, dzina la amayi ake ndi dera limene amakhala angathe kumuitana panjira ngati m'bale. Amene ali ndi mphamvu pa nkhaniyi ndi kholo, osati wojambula, ngakhalenso agogo. Mu Meyi 2020, khoti la ku Gelderland m'dziko la Netherlands linalamula agogo ena aakazi kuchotsa zithunzi za adzukulu awo pa Facebook ndi Pinterest, mayi wa anawo atadandaula kuti sanavomere. Khotilo linati akapanda kutero azilipira mayuro 50 pa tsiku, mpaka kufika 1,000. Abale athu okhala ku Ulaya adziwe kuti malamulo a kumeneko amafika mpaka m'banja. Kuno kwathu gawo 21 la malamulo aakulu a dziko la Malawi limapatsa munthu aliyense ufulu wosunga chinsinsi chake, ndipo m'chaka cha 2024 tinakhala ndi lamulo lapadera loteteza uthenga wokhudza munthu.

Ndalama ndi manambala a foni: kawirikawiri pansi pa kanema timalemba kuti amene sanathe kubwera atumize mphatso pa nambala yakuti ya Airtel Money kapena Mpamba. Uthenga umenewu utumizidwe padera, kwa anthu odziwika. Akuba a pafoni amadalira kudziwa zinthu zoona zochepa. Munthu akaimba n'kutchula dzina la mkwati, dzina la nkhoswe ndi tsiku la mwambo, n'kunena kuti pali ngongole ya tenti imene yatsala, gogo wa kumudzi sakayika. Mndandanda wa amene anapereka ndi kuchuluka kwa zimene anapereka ndi wa mu kaundula basi.

Matenda ndi nkhani za m'nyumba: mawu onga akuti agogo atangotuluka m'chipatala, kapena akuti mwana wa kunja kwa banja, kapena chimene chinapha malemu pa kanema wa maliro, asalembedwe pa fayilo yoyenda ngakhale abale onse akuzidziwa. Chimene mudzi ukudziwa ndi chosiyana ndi chimene chalembedwa n'kumapezeka pofufuza.

Tsopano zimene ziyenera kukhalapo. Dzina la wojambula kapena la situdiyo yake likhale ngati iye akufuna, chifukwa ndi ntchito ya manja ake. Nambala ya mu kaundula ikhale. Ndipo pakhale mawu onena kuti kanemayu ndi wa banja ndipo asafalitsidwe popanda chilolezo. Mawuwa sangamange munthu manja, koma amachotsa chodzikhululukira choti sindinadziwe, ndipo amathandiza mukamapempha kuti kanema achotsedwe pamene waikidwa. Zonse zikatha, fayilo yoyenda ikhala ndi dzina lakuti `2023-003_chinkhoswe.mp4`, mutu wakuti Chinkhoswe, Lilongwe, 2023, ndi chenjezo lija. Wachibale aliyense adziwa kuti ndi chinkhoswe chiti.

Kachitidwe kake

Chophweka kuposa zonse ndi kutseka GPS ya kamera mwambo usanayambe. Pa mafoni a Samsung, lowani m'makonzedwe a kamera n'kuzimitsa `Location tags`. Pa iPhone, potumiza kanema dinani `Options` pamwamba n'kuzimitsa `Location`. Dziwani kuti kuzimitsa lero sikufufuta zimene zinalembedwa kale m'makanema a dzulo.

Kwa inu ojambula amene muli ndi kompyuta, pali njira zitatu zotsatizana: kuona, kuchotsa, kuonanso. Poona, gwiritsani ntchito ExifTool, pulogalamu yaulere imene analemba Phil Harvey wa ku Canada:

```
exiftool -a -G1 -ee choyamba.mov
```

Kachidutswa ka `-ee` n'kofunika. Makamera ena, monga a GoPro, amalemba malo mphindi ndi mphindi mu kanjira kapadera m'kati mwa fayilo, pambali pa chithunzi ndi mawu. Mukajambula mdipiti wa magalimoto ndi kamera yotere GPS ili yoyatsa, njira yonse yochokera kunyumba mpaka kutchalitchi imalembedwa. Tindege tojambulira m'mwamba ta DJI natonso tingathe kulemba malo mu mawu oyenda pansi pa kanema kapena mu kafayilo kena kothera ndi `.srt`. Kafayilo kameneko kasapite kwa kasitomala pamodzi ndi kanema woyenda.

Pochotsa, gwiritsani ntchito ffmpeg:

```
ffmpeg -i choyamba.mov -map 0:v:0 -map 0:a:0 -map_metadata -1 -map_chapters -1 -c copy -metadata title="Chinkhoswe, Lilongwe, 2023" -metadata comment="2023-003. Wa banja, osafalitsa." 2023-003_chinkhoswe.mp4
```

Lamuloli likunena kuti tenga chithunzi ndi mawu okha, siya tinjira tina tonse, siya zolemba zakale ndi mayina a zigawo, lemba mutu watsopano ndi chenjezo. Mawu akuti `-c copy` amachititsa kuti kanema asafinyidwenso, choncho kuoneka kwake sikusintha ndipo ntchito imatha msanga. Fayilo yoyamba imakhala mmene inalili.

Kenako onaninso fayilo yatsopanoyo ndi lamulo loyamba lija. Fufuzani mawu akuti `GPS`, `Location`, `Author` ndi `Artist`. Mukapeza manambala onga 13 ndi 33, ntchito sinathe. Amene alibe mapulogalamu amenewa angathe kuona ndi MediaInfo, imene imapezekanso pa mafoni a Android.

Zolakwika zimene zimachitikachitika ndi zitatu. Ena amasintha dzina la fayilo n'kuganiza kuti ayeretsa, pamene za m'kati sizinakhudzidwe. Ena amadalira batani la Windows lakuti `Remove Properties and Personal Information`, limene limachotsa zokhazo zimene Windows imazizindikira, choncho kuonanso n'kofunikabe. Ena amayeretsa bwinobwino kanema wamkulu, kenako n'kupereka fulashi yokhala ndi zidutswa zonse zosadulidwa, chilichonse chili ndi manambala ake.

Malire a ntchitoyi

Ndisakunamizeni kuti kuyeretsa metadeta kumathetsa zonse. Chikwangwani cha sukulu chimene chili kutsidya kwa msewu chionekabe. Nambala ya galimoto ionekabe. Wotsogolera mwambo akamafuula pa chimkuzamawu dzina la munthu ndi ndalama imene waponya, mawuwo ali mu kanema, ndipo YouTube imatha kusandutsa zolankhula za m'zilankhulo zina, monga Chingerezi, kukhala mawu olembedwa. Mayina olembedwa pa chithunzi penipeni kumayambiriro kwa kanema sangachotsedwe ndi lamulo limene ndakupatsani. Zimenezi zimafuna kudula kapena kuphimba pokonza kanema. Palibe phindu kubisa dera pa mutu pamene mphindi yoyamba ikuonetsa geti ndi nambala ya nyumba. Choncho muonere kanema yense kamodzi ndi maso a mlendo musanamutulutse.

Komanso pa mwambo pamakhala mafoni ambiri, ndipo simungawalamule onse. Chimene mungachite ndi kupempha wotsogolera mwambo alengeze poyambirira kuti banja likupempha alendo asaike ana pa intaneti ndipo asalembe malo. Ambiri amamvera akapemphedwa mwaulemu.

Asankhe ndani?

Nkhani imeneyi tisamusiyire mnyamata wa kamera yekha, ngakhale ndi iye amene akudziwa mabatani. Iye sadziwa kuti ndani ali pa mkangano ndi ndani, kapena mwana uti akuleredwa mobisa kwa bambo wankhanza. Odziwa zimenezi ndi ankhoswe, mwinimbumba ndi makolo. Pa msonkhano wa komiti, pamene mukukambirana za tenti, mipando ndi mpunga, onjezani mfundo imodzi ya kanema. Gwirizanani amene adzasunge fayilo yathunthu, amene adzalembe kaundula akuluakulu akadalipo oti n'kufunsidwa, mawu amene adzalembedwe pa fayilo yoyenda, ndiponso ngati wojambula akuloledwa kuika kachigawo patsamba lake. Zimenezi zilembedwe papepala lomwe mwalembapo mtengo wa ntchito yake.

Inu ojambula, ndikupempheni kuti kuyambira ntchito yanu yotsatira muzipereka mafayilo awiri olembedwa bwino, wosunga ndi woyenda, ndipo muziwauza eni ake kusiyana kwake. Inu makolo ndi ankhoswe, khalani pansi ndi akuluakulu mwezi uno, muonere nawo makanema amene muli nawo kale, mulembe mayina onse mu kope. Mayinawo akhale m'nyumba, m'manja mwa eni ake. Kwa anthu akunja tumizani kanema wokhala ndi mwambo, mzinda ndi chaka, ndipo dzina la munthu lilembedwe pokhapokha mwini wake atavomera.